Njerwa Zanga, Ulendo wa Carlota

Ine Rufina pakamwa panga m'potentha, ndipo sindibisa. Pachipatala cha amasisitere pomwe ndinkagwira ntchito, kumtunda kwathu ku Angonia, ngakhale agalu ankadziwa kuti ndikayamba kulalata ndi bwino kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Irima Natália, sisitere wachipwitikizi amene ankayang'anira chipinda cha amayi obereka, anali atandichenjeza kale. Ndinali nditalalatira bambo wina amene anabweretsa mkazi wake pangolo mochedwa, iye kachasu akununkha kuti guu. Irima anandiitana nati, "Rufina, ukadzakwezanso mawu pachipatala pano, udzavula bata n'kupita kwanu." Bata ndi chovala choyera chija cha antchito a m'chipatala. Anzanga ankandiseka kuti ndine ndekha wovala bata koma wopanda bata.

Chinali chaka cha 1972, nkhondo itafika kale m'dziko la Tete. Ndi m'chaka chimenecho pamene kunamveka kuti pakufunika mkazi mmodzi wa pachipatala pathu woti akaphunzire uzamba ku Beira, kuruso yake, kapena kuti maphunziro, ya zaka ziwiri. Malo anali amodzi. Omaliza kalasi yachinayi tinalipo awiri okha, ine ndi Carlota. Malo amenewo ndinkawafuna ndi mtima wonse. Ndinatopa kukhala wotaya mabeseni ndi wochapa matewera, ndinkafuna kukhala mzamba weniweni.

Carlota anali anjira anga. Kwathu akazi awiri akakondana amapalana chinjira, amapatsana mphatso anthu akuona, ndipo kuyambira pamenepo maliro a mmodzi ndi a onse, matenda chimodzimodzi. Koma ife tinadziwana kalekale, tili atsikana ogonera kusukulu ya ansembe, tikufunda bulangete limodzi ndi kuphana nsabwe m'mutu. N'chifukwa chake ngakhale titakula sitinasiye kuitanana iwe. Iwe Carlota, iwe Rufina, basi.

Tsono za njerwa. Aliyense wobadwira kuno amachidziwa chisanu cha mwezi wa Junyu, chija chimasweka nacho milomo. Zaka ziwiri m'mbuyomo ndinabereka mwana wamwamuna miyezi isanakwane, m'nyengo yomweyo. Anali kakang'ono ngati botolo. Tinamukulunga nsalu zonse zimene tinali nazo, koma thupi lake linkangozizirabe, mpaka anatisiya. Anamunyamula akazi okhaokha, monga umanenera mwambo pa khanda lotere, popanda kulira mokweza. Amene anamunyamula m'manja anali Carlota.

Nditabwerera kuntchito sindinkatha kuona khanda likuzizira. Tsiku lina ndili kophikira ndinaponda njerwa imene inali pambali pa moto, ndipo kufunda kwake kunakhalitsa kuphazi kwanga. Nzeru inabwera pomwepo. Ndinapempha amuna anga a Zeferino, omwe ndi mmisiri wa matabwa, kuti andipalire makashoti, mabokosi aja onyamulira kachewere, asalale bwino. Njerwa ndinkaziika m'mbali mwa moto, osati pamoto penipeni, n'kuzikulunga m'chiguduli ndi nsalu. Ndinkaziyesa pamkono panga, pakhungu lofewa la mkati. Ikandiluma, ndiye kuti kwa mwana ndi moto. Kenako ndinkazindandalika m'mbali mwa kashoti, zosakhudza thupi la khanda, ndi kusintha zikayamba kuzizira. Mkaka mayi ankafinyira m'kapu, ife n'kumamwetsa ndi kasupuni pang'onopang'ono. Ena ankatisiyabe, sindinama, koma ambiri anayamba kutuluka amoyo. Irima Natália anabwera zonsezi zitayamba kale, sisitere wakale atasamutsidwa, ndipo sanafunse kuti zinayamba bwanji. Inenso sindinanene. Ndani amayenda akulengeza za mwana wake wakufa?

Chisanu chitayamba chaka chimenecho, a dotolo a boma anabwera kuchokera ku Vila Coutinho kudzayendera chipatala. Analowa m'chipinda chathu ali ndi Irima, Carlota akuwatsatira pambuyo. Ine ndinali nditagwada pambali pa kashoti, khanda lili pamkono, ndikulimwetsa. A dotolo anaima, anavundukula nsalu, anagwira njerwa, n'kuseka modabwa. Anafunsa m'Chipwitikizi kuti ntchito imeneyi ndi ya ndani.

Ndinayankha ndili chogwada, "Ndi ntchito yathu, a dotolo."

Mwamva kulakwa kwakeko? Kwathu munthu woleredwa bwino sadziguguda pachifuwa kuti ine, ine. Amati ife, ndipo aliyense amamva kuti akunena za iye mwini. Koma mzungu akamva yathu amawerenga mitu. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsanso, "Inde, koma anayamba ndani?"

Ndisanameze n'komwe malovu, Carlota anasendera kutsogolo, manja atapinda bwinobwino pamimba. "Fui eu, senhor doutor," anatero. Ndiko kuti, ndine. Ndipo anapitiriza, Chipwitikizi chikuterera ngati therere, kufotokoza za kuyesa pamkono, za chiguduli, za kasupuni. Sanalakwitse ngakhale chimodzi, poti tinkagwira limodzi ntchitoyo ndipo ankaidziwa bwino. A dotolo anagwedeza mutu, natembenukira kwa Irima. "Woyenera ku Beira ndi ameneyu. Ndikadzabweranso mudzandipatse dzina lake."

Mayo ine! Makutu anga analira. Ndinamva moto ukukwera kuchokera m'mimba mpaka kukhosi. Ndikanatsekula pakamwa pamenepo, sipakanatuluka Chipwitikizi, pakanatuluka zina zoti ngakhale mzungu akanazimva popanda womasulira. Chinandigwira ndi khanda linali pamkono lija. Ndinapitiriza kulimwetsa mpaka a dotolo anatuluka.

Madzulo ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndipo mkwiyo wonse unathera pa nkhuni. Ndinawaza chipika chimene a Zeferino anachilephera chaka chatha. Iwo anakhala pakhonde akunola mpeni wa pulani yawo yopalira matabwa, akumvetsera ine ndikutchula Carlota ndi makolo ake onse.

"Mawa ndikamugwira pakhosi! Ndikamuvula bata pamaso pa odwala, wakuba wopanda manyazi, wokolola posalima!"

"Mukatero, mayi, mwamupatsa ziwiri," anatero a Zeferino osadzutsa mutu. "Ulendo wa ku Beira, ndi ntchito yanu yomwe."

"Ndiye ndikhale chete ngati chitsiru?"

"Sindinati chete. Ndati musalalate."

"Inu mumadziwa chiyani? Zanu ndi matabwa, sayankha!"

Anangopitiriza kunola mpeni wawo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa ndinadziwa kuti akunena zoona. Koma kulankhula popanda kulalata ndinkakudziwa ine? Kuyambira ubwana wanga, chondipweteka chinkatuluka ndi phokoso.

Njira inadzipeza yokha m'mawa mwake. Ndinakumana ndi Carlota pachipata cha chipatala, atafunda shawelo, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Iwe Rufina, wadzuka bwanji? Chisanu cha lero ndiye ayi!"

Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Tadzuka bwino, kaya inu?"

Kumwetulira kuja kunazima. Ineyo ndinadabwa nazo. Chibadwire ndinali ndisanamunenepo inu. Koma ndinaona chinthu: lilime likanyamula inu limalemera, silithamanga. Yesani kutukwana munthu mukumupatsa ulemu, muona kuti chitonzo chimafika chitatopa. Ndinati mumtima, chingwe changa ndi chimenechi, ndichigwiritse.

Sindinayambe nkhaniyo pachipata, pamaso pa anthu. Ndinadikira mpaka masana, pamene tinatuluka awiri kukachapa matewera kuseri kwa chipinda, pafupi ndi chitsime. Ndinaika beseni pansi, ndinapukuta manja, n'kuima pomwe akanandiona nkhope.

"Anjira, ndili ndi mawu. Dzulo munauza a dotolo kuti njerwa munayamba ndinu. Si zoona, ndipo mukudziwa. Ndinayamba ndine. Ndikupempha kuti mupite nokha kwa Irima mukakonze mawu amenewo."

Carlota anapitiriza kupaka sabau pathewera. "Ha! Lero ndakhala inu? Ndakalamba liti?"

"Ndikudikira yankho."

"Unanena wekha kuti ndi ntchito yathu. Ndinamva ndi makutu angawa. Mutu umodzi susenza denga, Rufina. Njerwa zimenezo sindinyamula ine? Tizipewa ta ana anasoka ndani?"

"Tizipewa munasoka ndinu, ndipo ndidzanena paliponse. Koma a dotolo sanafunse za tizipewa. Anafunsa amene anayamba."

Anaponya thewera m'madzi kuti khuvu, madzi n'kundithovokera pabata. Anaimirira, manja m'chiuno. "Tamvera tsono. Iwe uli ndi mwamuna, ali ndi luso m'manja, simugona ndi njala. Ine wanga anapita ku Joni, mpaka lero ngakhale moni. Ndili ndi Joana woti adye, avale. Abale anga onse anathawira ku Dedza. Ukufuna ndifere pabeseni pano? Mzungu anafunsa, iwe unachita manyazi, ine ndinayankha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Zinandikhudza, sindikana, pakuti mavuto akewo ndinkawadziwa onse. Koma njala ya munthu siisandutsa bodza kukhala choona. Ndinati, "Mukanandipempha, anjira, bwenzi tikukambirana. Mwina ndikanakana, mwina ayi. Koma simunapemphe, munatenga."

"Ndikupemphe iwe? Malo ndi ako? Unagula?" Anasendera pafupi, mawu n'kutsitsa. "Ukuyesa akakufuna ku Beira ndi Chipwitikizi chako chopunduka? Ndi pakamwa pako ngati pa galu wolumidwa ndi njuchi? Bwanji ukudzigwira? Lalata! Si ndiwe Rufina? Lalata, anthu amve!"

Pamene ankanena zimenezi maso ake anathawira kumbali. Ndinatsatira kumene anayang'ana. Zenera la ofesi ya Irima linali lotsekula, ndipo chovala choyera cha kumutu chinkaoneka mkatimo. Apo ndiye ndinamvetsa. Sankangoyembekeza kuti ndikwiya, ankadalira mkwiyo wangawo. Munthu amene ndinkafunda naye bulangete anali atanditchera msampha ndi khalidwe langa lomwe. Ndinamuda nthawi imeneyo, ndinamuda zenizeni.

Ataona kuti sindikuphulika, anatulutsa mpeni wake womaliza. "Njerwa zako zodabwitsazo, bwanji sizinapulumutse wako?"

Dziko linachita mdima. Dzanja langa linanyamuka lokha mpaka pachifuwa. Ndinaligwira ndi linzake, n'kulibweza. Ndinapuma, ndinapumanso. Mawu atabwera anali aang'ono, ngati a munthu wina.

"Mwanena, ndamva. Mawa tikamaliza kusambitsa ana ndikupita kwa Irima. Ndakuuziranitu kuti musadzati ndinakudyani miseche. Ndikawapempha kuti inunso mukhalepo."

Ndinatola beseni langa n'kukachapira mbali ina ya chitsime. Misozi inagwera m'madzi a matewera, koma ndinali nditamufulatira, sanaione.

Tsiku lonselo ndinkayeseza mawu a Chipwitikizi chamumtima, ndikusintha njerwa, ndikutaya mabeseni. Ndinkafuna ochepa, oongoka, opanda chitonzo ngakhale chimodzi. Ndikapeza liwu lakuti wakuba likulowerera, ndinkalichotsa. Linkabweranso, ndinkalichotsanso. Ntchito imeneyo inali yolemetsa kuposa kuwaza chipika chija.

M'mawa mwake ndinagogoda pa ofesi ya Irima. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa magalasi okhuthala, wosakonda nkhani zazitali. Ndinapempha kuti aitanenso Carlota. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, akuganiza kuti mvula ija yabwera, koma anamuitana. Carlota analowa n'kuima pafupi ndi chitseko, nkhope ili gwa.

Ndinalankhula pang'onopang'ono. "Irima, dzana a dotolo anafunsa amene anayamba kufunditsa ana ndi njerwa. Ine ndinayankha kuti ndi ntchito yathu. Kwathu munthu amatero ponena za iye mwini, koma a dotolo sanamve choncho. Ndiye ndabwera kudzanena bwino. Ndinayamba ndine, inu musanabwere. Makashoti anapala ndi amuna anga. Carlota anasoka tizipewa ndipo amagwira nane ntchitoyi bwino. Ndikupempha kuti a dotolo adziwe zimenezi musanapereke dzina."

Irima anatembenuka. "Carlota?"

"Ndi nsanje, Irima," anatero Carlota msangamsanga. "Mukumudziwa Rufina. Dzulo lomweli amafuna kundimenya kuchitsime. Amuna ake anena zomwe iye wawauza. Bwanji sananene pamaso pa a dotolo? Akuona kuti ndasankhidwa ndiye wayamba kupeka."

"Kuchitsime ndinakuonani," anatero Irima. "Mawu amene ndinamva anali ako, Carlota. Koma zimenezo sizindiuza amene anayamba. Wina akuti ndine, winanso akuti ndine. Ndikhulupirire ndani?"

Mboni ndinalibe. Sisitere wakale anali kutali, azimayi obereka amabwera n'kupita, ndipo amuna anga akanangooneka okondera. Mboni yanga inali imodzi yokha, yomwe inaima pachitseko ija. Ndinatembenukira kwa iye n'kulankhula m'chinenero chathu, modekha.

"Anjira, mwana wanga munamunyamula ndinu. Munamva nokha m'manja mwanu mmene anazizirira. Tsiku limene ndinabweretsa njerwa yoyamba, munandipeza ndikulira nayo kophikira, ndipo munandithandiza kuikulunga. Ngati mukuti sizinali choncho, nenani pano mukundiyang'ana. Mukanena, ndituluka, sindidzaitchulanso nkhaniyi."

Irima chinenero chathu ankangotola mawu apa ndi apo. "Akuti chiyani? Carlota, masulira."

Carlota anayang'ana pansi, anayang'ana pamtanda unali pakhoma, koma ine sanandiyang'ane. Kenako anaphulika, iyeyo, osati ine.

"Inde ndi zake! Zitengeni! Njerwa, dothi lowotcha, chinthu choti aliyense akanaganiza! Akufuna ndimugwadire? Anayamba ndi iye, mwamva? Mwana wake anafa ndi chisanu, ndiye anayamba. Ndanena!"

Mawu ake anamveka mpaka pakhonde. Mtima wanga unagunda ndi chimwemwe choipa, chija munthu amamva mdani wake akagwa m'matope. Ndinati basi, zatha, Beira ndi wanga.

Irima anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anauza Carlota kuti bodza lake akalitule kwa ansembe pa kulapa, ndipo atuluke. Titatsala awiri anandiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Rufina, pepa za mwana wako. Sindinkadziwa. Ndipo lero wandidabwitsa, walankhula ngati munthu wamkulu. A dotolo ndiwauza zoona zonse, ndikulonjeza."

"Zikomo, Irima."

"Koma tsopano ndadziwa kuti chipinda chija chaima pa iwe. Chisanu chayamba. Misewu yaipa ndi nkhondo, mankhwala sakufika bwino, thandizo lina sindiliyembekeza. Ndikakutumiza zaka ziwiri, ana aja ndiwasiya ndi ndani? Sindingakutaye. Ku Beira apita Carlota. Chipwitikizi chake n'chabwino, mayeso akakhoza."

Ndinayesa ngati sindinamve bwino. Walira mvula walira matope, akuluakulu ananena, koma matope awa sindinawayembekeze. Moto uja unabweranso, waukulu kuposa wa dzana. Patebulo panali botolo la inki, ndipo ndinaliona bwinobwino likuphwanyika pakhoma. Ndinakhalira manja anga onse awiri.

"Irima, njerwa sizifuna ine. Carlota akuzidziwa, mwamumva nokha akufotokoza. Iye atsale nazo, ine ndipite. Kapena ndiphunzitse wina ndisanapite."

"Amene amadzuka kukasintha njerwa popanda womutuma ndiwe. Zimenezo siziphunzitsidwa."

"Ndiye mukundilanga chifukwa chogwira bwino ntchito, iye mukumulipira chifukwa cha bodza."

Ndinanena mawu amenewa motsitsa, ngati ndikufunsa mtengo wa mchere. Irima anafiira nkhope mpaka m'makutu. Sanandikalipire, popeza panalibe poti agwire. Anangoti, "Ulendo wina udzakhala wako," n'kuvalanso magalasi. Ndinadziwa kuti nkhani yatha. Ulendo winawo sunabwere. Nkhondo inakula, ndipo dziko lisanalandire ufulu Irima anali atabwerera kwawo.

Lonjezo lake analisunga. A dotolo atabweranso anandigwira chanza pamaso pa onse, nanditchula dzina, Rufina, molakwitsa pang'ono. Kenako analandira dzina la Carlota n'kukwera galimoto yawo. Ndinabwerera kukasintha njerwa. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimandipwetekabe.

Masiku otsatirawo ine ndi Carlota tinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi ngati ng'ombe ziwiri zodana pagoli limodzi. Iye ankaponya mawu, ine ndinkayankha ndi ulemu. "Patseni beseni." "Nali, tengani." "Ukudziyesa woyera mtima?" "Madzi afunda, mukhoza kusambitsa." Ulemu wangawo unkamupweteka kuposa mbama, ndinkaona, ndipo sindinamumvere chisoni. Azimayi a m'mudzi anayamba kunong'onezana kuti chinjira cha Rufina ndi Carlota chalowa mphepo. Wina anayesa kutiyanjanitsa potuluka m'tchalitchi, ine ndinangoti, "Ife sitinayambane, mayi. Mwandimva ndikulalata?"

Tsiku la ulendo linafika. Nthawi imeneyo wopita ku Tete ankadikira koluna, mndandanda wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo kamiyau, lole ya ansembe, inali yoti ikamutule ku Vila Coutinho kuti akakwere kumeneko. Ine sindinapite kukatsanzika. Ndinali kunyumba ndikusesa, dzuwa litangotuluka, udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndinamva kuodira pakhomo.

Anali Carlota, atavala nsapato, sutikesi ya malata ili pamutu. Kudzanja anagwira Joana, mwana wake wamkazi wa zaka zinayi, atamufunditsa shawelo yake ija. Kamtolo ka zovala za mwanayo kanali pansi.

Tinayang'anana. Sindinamuuze kuti alowe.

"Amene anati andisungira mwana wasintha maganizo," anatero. "Akuti akuwolokera ku Malawi. Ku Beira salola ana." Anayang'ana mwanayo. "Ndilibe wina, Rufina. Ukudziwa kuti ndilibe wina."

Taonani mwano wake! Kundilanda malo, kunditonza ndi mwana wanga wakufa, kenako kundibweretsera wake kuti ndimulerere, iye akukaphunzira pamalo panga. A Zeferino anali kuseri, ndinamva pulani yawo itasiya kulira. Joana ankandiyang'ana, mamina ali pamlomo, tizala ta kumapazi titachita dzanzi. Ankandidziwa, ndinamubereka kumsana kuyambira ali khanda. Chinjira tinapalana anthu akuona, ndipo palibe anabwera kudzachimasula.

Ndinawerama n'kumunyamula. Anali wozizira miyendo, ndinaikulunga ndi nsalu yanga.

"Mwana alibe mlandu," ndinatero. "Adya chimene tidya ife."

Carlota anatula sutikesi pansi. "Rufina, nditukwane. Chonde. Ndimenye ngati ukufuna, ndaima pano. Unene kuti iwe Carlota ndiwe galu, ndiwe mfiti, chilichonse. Ndisapite chonchi."

Kumsewu kamiyau inaliza hutala. Mawu onse amene ankapemphawo ndinali nawo, okonzeka, odzaza m'kamwa. Ndikanangowamasula, bwenzi titalira tonse awiri pakhomo pomwepo, iye n'kupita wopepukidwa. Ndinadziwa zimenezo, ndipo iyenso anadziwa.

"Pitani bwino, mayi," ndinatero. "Mukaphunzire ndi mtima wonse. Galimoto ikusiyani."

Anaimabe pang'ono, akudikira. Kenako anasenza sutikesi yake. Ndinatola kamtolo ka Joana, ndinalowa naye m'nyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, osachimenyetsa.